Kunasowa sopo 25, koma wakuba panalibe

Anzanga a pagulu pano, sabata ino mwalandira ine wa kumsika. Musanawerenge patali, tengani chinthu chilichonse chogula m'sitolo chomwe chili pafupi nanu, kaya ndi botolo la mafuta odzola, kaya paketi ya mchere, muchitembenuze. Mupeza timizere takuda toima ndondondo, tina tonenepa, tina towonda, ndipo pansi pake pali manambala. Awerengeni. Pa katundu wambiri yemwe timagulitsa kuno mupeza manambalawo alipo 13. Timizere timeneto ndiye bakodi.

Ndikufunseni, mukuganiza kuti palembedwa chiyani pamenepo? Makasitomala anga ambiri amati palembedwa mtengo. Ena amafika pondiuza kuti, "Amayi, mwakweza bwanji shuga pomwe timizere take ndi tomwe tija ta mwezi watha?" Ayi ndithu, mtengo mulibemo. Mulibe dzina la chinthucho, mulibe tsiku lomwe chidzawonongeke, mulibenso chiwerengero cha zomwe zatsala m'shopu mwanu. Timizereto ndi nambala yomwe ili pansiyo basi, yolembedwa m'njira yoti makina awerenge msanga. Zili ngati nambala ya galimoto. Nambalayo payokha sikuuzani mwini wake, mpaka mutakatsegula buku lomwe munalembedwa kuti nambala yakutiyakuti ndi ya uje.

Ine ndili ndi kagolosale mumsika wa Nsungwi ku Area 25, ndipo papita chaka ndi miyezi ndikugulitsa ndi foni komanso kachipangizo kowerengera bakodi, kamene timangokatcha sikana. Anyamata a pamsika amandiseka kuti ndalemba ntchito mtsikana wosadya nsima. Zinthuzi sizachilendo padziko, ife tangozipeza mochedwa. Chinthu choyamba kugulitsidwa m'sitolo mowerenga bakodi chinali paketi ya chingamu, mu June 1974, m'tauni ya Troy ku America. Zomwe anthu aja ankachita ndi makina odzaza kauntala, lero zikukwana m'thumba la epuloni yanga.

Ndikufotokozereni zomwe zimachitika kakalira kuti "tii". Sikana ilibe nzeru zoti n'kuiopa. Imaunika timizere tija, n'kuzindikira nambala, n'kuitumiza ku foni ngati munthu amene wailemba pa kiyibodi mwachangu kenaka n'kudina `Enter`. Mukafuna kutsimikiza, tsegulani polembera uthenga pa foni yolumikizidwa ndi sikana, muunike paketi ya bisiketi. Muona manambala 13 atangotulukira okha pomwe mumalemba moni kwa abale. Ntchito yake yathera pomwepo. Yotsalayo ndi ya pulogalamu yomwe ili mu foni. Pulogalamuyo imatenga nambala ija n'kukaifufuza pamndandanda wa katundu, ikaipeza imaonetsa dzina ndi mtengo. Kasitomala akalipira, inu n'kudina kuti malonda atha, imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: imalemba kuti mwagulitsa chakuti pa ndalama zakuti nthawi yakuti, ndipo imachotsa chimodzi pa chiwerengero cha katundu wotsala. Panali 40, pakhala 39. Onani kuti kuchotsako kumachitika malonda akatsekedwa, osati pa kulira kuja, n'chifukwa chake munthu akasintha maganizo asanalipire mumangofufuta mzerewo, sitoko osakhudzidwa.

Nanga mndandanda ukufufuzidwawo analemba ndani? Ndinu nomwe. Ine zinanditengera madzulo atatu nditatseka chitseko: kutenga chinthu, kuunika, kulemba dzina, mtengo woodera, mtengo wogulitsira, kenaka kuwerenga ndi manja kuti zilipo zingati. Ndipo chinthu chilichonse chosiyana kukula kapena mtundu chili ndi nambala yakeyake. Mafuta ophikira a lita imodzi ndi a malita awiri, ngakhale kampani ndi imodzi, ndi anthu awiri osiyana pamaso pa makinawa. Ntchitoyi ndi yotopetsa, sindikunamizani, koma imachitika kamodzi. Pambuyo pake mumangoonjezera katundu wachilendo akabwera.

Chimene ndimakonda n'chakuti Lachiwiri m'mawa, ndisanakwere minibasi yopita kukaoda ku Malangalanga, sindiyendanso ndi kope m'mashelefu. Ndimangotsegula foni n'kuona zomwe zatsala pang'ono. Kale ndinkadalira maso, ndipo maso amaona chomwe chili kutsogolo kwa shelefu, za kuseri kwa makatoni saziona.

Koma nambala ya pa foniyo ili ndi malire ake, ndipo malirewo akhoza kuchotsetsa munthu ntchito. Foni sionatu shelefu. Imangodziwa zomwe zadutsa pa makomo awiri: khomo lolowera, pomwe mumaiuza kuti ndalandira zakuti zingati, ndi khomo lotulukira, pomwe mumaunika pogulitsa. Chilichonse cholowera kapena kutulukira pawindo, iyo sichidziwa, koma ipitiriza kukupatsani nambala yake mopanda manyazi ngati kuti ikudziwa zonse. Ndipo popeza ndi makina, anthu timaikhulupirira kuposa munthu amene tikudya naye mbale imodzi.

Achemwali ena oyandikana nane shopu anagula zipangizo ngati zangazi ataona kwa ine. M'shopu mwawo mumagulitsa mnyamata wa zaka ngati 19, mwana wa mlongo wawo, amene anabwera kuchokera kumudzi atalemba mayeso a Fomu 4. Loweruka lina madzulo ndinamva mawu akukwera kuseri kwa khoma. Posakhalitsa achemwali aja analowa kwanga, foni ili m'manja, nkhope itasintha.

"Anzanga, taonani izi. Foni ikuti sopo wochapira watsala 50. Ndawerenga kawiri, pashelefu ndi m'katoni alipo 25. Sopo 25 wapita kuti? Mwana uyu ndimamudyetsa, ndimamuveka, lero azindibera?"

Nthawi imeneyo sopoyo ankagulitsa K1,500 mmodzi. Ndiye kuti nkhani inali ya K37,500, ndalama yoti kwa ife a mpamba wochepa ikhoza kukugonetsa ndi mutu. Mnyamata uja anaima pakhomo, manja kumbuyo, akungobwereza kuti, "Azakhali, ine sindinatenge kanthu." Achemwali anali atanena kale kuti Lolemba akwera basi yobwerera kwawo, ndipo ankafuna kuimbira bambo ake usiku womwewo. Mukudziwa nokha kuti mwana akabwezedwa kumudzi ndi dzina la wakuba, dzinalo silichoka ndi sopo.

Ndinawapempha kuti asanaimbe tikhale pansi tiwerenge. Funso langa loyamba linali la ndalama: kodi ndalama za m'kabati zinkagwirizana ndi zomwe foni inkanena madzulo aliwonse sabata imeneyo? Anati inde, tsiku lililonse, mwina kusiyana K200 ya chenji. Chabwino. Izi pazokha sizinamuyeretse mwana uja, pakuti munthu akhoza kugulitsa osaunika n'kuika ndalama m'thumba, kabati n'kumagwirizanabe ndi foni. Koma zinatiuza kuti tisayang'ane ku ndalama, tiyang'ane ku mbiri ya sopoyo.

Mapulogalamu ambiri otere amasunga mbiri ya chinthu chilichonse, mzere ndi mzere. Tinatsegula ya sopo. Lolemba m'mawa analipo 10. Tsiku lomwelo achemwali anaoda makatoni atatu, katoni iliyonse sopo 24, ndipo analemba bwinobwino kuti alandira 72. Pamodzi 82. Kenaka panali mizere yambirimbiri ya malonda, wina sopo mmodzi, wina awiri, yonse pa K1,500, kuphatikiza pamodzi sopo 31. Tikachotsa, patsala 51. Ndiye panali mzere umodzi wa Lachinayi masana womwe unandiimitsa chala: sopo mmodzi, mtengo K33,000.

Ndinamufunsa mnyamata uja kuti, "Iwe, sopo wanji wa K33,000?"

Anayankha msanga, nkhope ikuwala ngati wakumbukira njira. "Amayi, imeneyo ndi katoni yathunthu. Anagula abambo aja a njinga amene amakagulitsa kumudzi. Azakhali anandiuza kuti wogula katoni azilipira K33,000. Ndinaunika bakodi ya pakatoni, foni inakana kuti siikuidziwa. Ndiye ndinatenga sopo mmodzi pashelefu, ndinaunika, n'kusintha mtengo kuti ndalama zigwirizane."

Mwaona pomwe panagona nkhani? Ndalama anazilemba zonse, ngakhale tambala sanabise. Koma foni inauzidwa kuti watuluka sopo mmodzi, ndiye inachotsa mmodzi: 51 kukhala 50. Pakhomo panatuluka 24. Sopo 23 anatsala ali moyo m'foni mokha, pomwe enieniwo anali atafika kale kumudzi pa keriyala ya njinga. Pa 25 osowa aja, 23 anapezeka pamenepo.

Awiri otsalawo anatitengera nthawi yochepa. Ndinangofunsa kuti kunyumba kwawo sabata imeneyo anachapira chiyani. Achemwali anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Lachitatu ndinatuma mwana kudzatenga awiri." Sopo wa m'shopu mwawo, wochapira zovala zawo, ndani angaganize zomuunika? Koma anatulukira pawindo. 23 kuphatikiza 2, yakwana 25. Foni ya kumudzi sinaimbidwe, ndipo mnyamata uja akadali pakauntala mpaka lero.

Chomwe ndikufuna muchigwire pa nkhaniyi ndi bakodi ya pakatoni ija. Foni sinaikane chifukwa cha kuwonongeka. Katoni ili ndi nambala yake yosiyana ndi ya sopo ali m'katimo, chifukwa kwa opanga ndi ogulitsa mopikulitsa katoniyo ndi chinthu pachokha. Nthawi zambiri mudzaona kuti bakodi ya pakatoni ndi yaikulu, yozunguliridwa ndi mzere wakuda wonenepa, ndipo manambala ake ndi 14, osati 13. Nambala imeneyo sinena kuti "muno muli 24". Muyenera kuiuza foni nokha. Mapulogalamu ena amalola kulembetsa katoni ngati chinthu cholumikizidwa ndi sopo mmodzi uja, n'kulemba kuti katoni imodzi ndi sopo 24 ndipo mtengo wake ndi wakuti. Mukatero, kuunika katoni kamodzi kumachotsa 24 pa chiwerengero chomwe chija. Ngati pulogalamu yanu ilibe zimenezo, njira ilipobe: unikani sopo mmodzi, pa chiwerengero lembani 24, foni ionetsa K36,000, kenaka chotserani K3,000 ngati kutsitsa mtengo kwa wogula zambiri. Ndalama zikhala K33,000 zomwe zija, koma sitoko itsika moona. Kusintha mtengo m'malo mosintha chiwerengero ndiye msampha, chifukwa kumakonza kabati n'kuwononga shelefu, ndipo madzulo powerenga ndalama simuona vuto lililonse.

Ena amalembetsa katoni payokha ndi sopo payekha osazilumikiza. Zimatheka, koma tsiku lomwe mwang'amba katoni kuti muike sopo pashelefu muyenera kulemba kuti katoni yachoka imodzi, sopo waonjezeka 24. Pamsika, kasitomala akukuwa kuti akuchedwa basi, ndani amakumbukira zimenezo? Ine njira imeneyo sindiikonda.

Za kunyumba nazo zili ndi mankhwala ake. Ine chilichonse chopita kunyumba ndimachichotsa pa sitoko n'kulemba chifukwa chake kuti "zakunyumba", chimodzimodzi chosweka, chodyedwa ndi makoswe ndi chopitirira tsiku. Kumapeto kwa mwezi nambala ya zakunyumbayo imandiuza kuti banja langa ladya zingati za mpamba, ndipo siikhala nambala yosangalatsa. Wangongole nayenso katundu wake ndimaunika, chifukwa sopo watuluka ndithu ngakhale ndalama sinalowe.

Mukazolowera, kusiyana kwa foni ndi shelefu kumayamba kulankhula. Kukasowa 23, kapena 11, kapena 47, ndiye kuti nambala yochepera ndi imodzi pa katoni kapena dazeni, musathamangire kuloza munthu chala, fufuzani mzere wa chinthu chimodzi chokhala ndi mtengo wa katoni. Foni ikanena kuti chinthu chatsala -6, pansi pa ziro, palibe mfiti yomwe yagulitsa zinthu zosaoneka, ndiye kuti katundu analowa osalembedwa polandira. Juwisi wa malalanje akasowa atatu pomwe wa chinanazi wachuluka ndi atatu, dziwani kuti wina anagula mitundu yosakaniza, wogulitsa n'kuunika botolo limodzi lokha n'kulemba chiwerengero cha onse poti mtengo ndi umodzi. Ndipo shelefu ikachuluka ndi chimodzi pomwe kabati yaperewera ndi mtengo wa chinthu chomwecho, kawirikawiri sikana inalira kawiri pa chinthu chimodzi, wogulitsa n'kulandira ndalama ya chimodzi poti mtengo amaudziwa pamtima. Kuba kulipo, sindikukana, ndipo makinawa sakuletsa. Koma kuba kwenikweni sikukonda kubwera ndi manambala okongola chonchi. Kumabwera pang'onopang'ono, ziwiri lero, chimodzi mkucha, pa zinthu zing'onozing'ono zodula, mbiri yonse ili yoyera. Kuti muzindikire, pamafunika kuwerenga ndi manja. Ine sinditseka shopu kuti ndiwerenge zonse, ndimangosankha shelefu imodzi m'mawa uliwonse ndisanatsegule. Vuto la masiku asanu limafufuzika, la miyezi itatu ndiye kungokangana basi.

Tsono pali katundu amene anabadwa wopanda timizere, ndipo kwa ife a kumsika ndiye wambiri: mazira, mabanzi, shuga wopimira m'timapepala, mafuta oyeza. Amenewa mumawapangira nambala nokha. Bungwe la GS1, lomwe limagawa manambala a bakodi padziko lonse, linasiya manambala oyamba ndi 20 mpaka 29 kuti azigwira ntchito m'kati mwa sitolo mokha, ndiye mukayamba ndi 2 ndi 0 simungagundane ndi nambala ya katundu wa kampani. Pongodutsa, manambala oyambirira aja amangonena dziko lomwe kampani inalembetsa nambala yake, monga 600 ndi 601 ku South Africa, 690 mpaka 699 ku China. Sanena kumene chinthucho chinapangidwira, ndipo sanenanso kuti ndi chenicheni, pakuti wopanga zachinyengo amakopera ndi timizere tomwe.

Nambala ya dzira m'shopu mwanga ndi `2000000001258`. Ya kumapetoyo, 8, sindinaisankhe ine, imachokera ku masamu. Mumatenga manambala 12 oyambawo. A pamalo oyamba, achitatu, achisanu mpaka a 11 mumangowaphatikiza: apa ndi 2 ndi 2, kukhala 4. A pamalo achiwiri, achinayi mpaka a 12 mumawaphatikiza n'kuchulukitsa katatu: 1 ndi 5 ndi 6, katatu ndi 18. Zonse pamodzi 22. Kuti 22 ifike pa 30 pakufunika 8, ndiye imeneyo. Sikana imachita masamu omwewa nthawi iliyonse ikawerenga, ndipo akapanda kugwirizana imangokhala chete osalira. N'chifukwa chake pepala likakwinyika kapena botolo la m'firiji likachita thukuta, sikana imakonda kukana kusiyana n'kunama. Zikatero pukutani, wongolani pepala, zikakanikabe lembani manambalawo ndi dzanja. Koma masamuwo amangotsimikiza kuti nambala yawerengedwa bwino. Sadziwa ngati mwanyamula katoni kapena sopo mmodzi.

Timabakodi tangato ndinakasindikiza pa pepala limodzi kwa anyamata a makompyuta, lakuda pa loyera, n'kulikutira pulasitiki, n'kulimata pakauntala. Musalole kuti akukongoletsereni ndi inki yofiira, chifukwa sikana zambiri zimaunika ndi kuwala kofiira, ndipo mizere yofiira pa pepala loyera siziiona. Munthu akagula mazira anayi ndimaunika pa pepalapo n'kulemba 4. Thireyi ikabwera ndimalemba kuti ndalandira 30, osweka ndimawachotsa pomwepo.

Mafuta oyeza okha ndiwo ndinagwirizana nawo kuti sitidzamvana mpaka kumapeto. Chigubu cha malita 20, pa kabotolo ka theka la lita, pa pepala chiyenera kutulutsa 40. Sichinatulutsepo 40. Ena amatsalira m'mbali mwa chigubu, ena m'fanulo, ena ndi kabasela komwe kasitomala wa tsiku ndi tsiku sangachoke osakalandira. Ndinayeza zigubu zinayi motsatizana, zitatu zinatulutsa 38, chimodzi 39. Ndiye masiku ano chigubu chikafika ndimalemba kuti ndalandira mabotolo 38, ndipo mtengo wa botolo ndimauwerengera pa 38 yomweyo. Chigubu chikatha foni ikunena kuti latsala botolo limodzi, sindifunsa munthu. Ikanena kuti atsala anayi, ndimayamba ndayang'ana pansi pa chigubu ngati pali ponyowa.